Musagulitse ng'ombe chifukwa cha nambala ya pa fulaya

Mwezi watha alamu anga a ku Bangula anandiimbira foni usiku, ati alamu tandipezerani munthu wogula ng'ombe ziwiri msangamsanga, mwana wapeza malo ku yunivesite. Mwanayo ndi wa achemwali anga, anakhoza MSCE ndi mapointi 19, makirediti onse alipo mpaka Bayoloji ndi Masamu, koma mayina a opita ku mayunivesite a boma atatuluka lake munalibe, nde mukudziwa m'mene pakhomo pamakhalira zikatero, mwana kumangodzitsekera m'nyumba ndi kutentha kwathu kuno. Kuyambira ali ku pulayimale mtsikanayu nyimbo yake ndi imodzi, akufuna unamwino basi. Ndiye munthu wina anawatumizira fulaya pa WhatsApp ya koleji ina ya m'tauni, dzina sinditchula, pali ana ovala magauni akumwetulira, pamwamba alemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti ili pa nambala 4 m'Malawi muno. Alamu atangoona 4 ameneyo mtima unakhala pansi, ati ngati ili pa nambala 4 ndiye kuti yaposa ena a boma amene amukana mwana wanga aja.

Ine ndinati alamu ng'ombezo zisiyeni kaye m'khola sabata ziwiri zokha. Sanasangalale nazo, achemwali mpaka anandifunsa ngati ndili ndi nsanje poti ana anga ali ku sekondale, koma anadikira ndithu. Zimene ndinawauza iwo ndi zimene ndikufuna ndinene panonso, kuti nambala ya rankingi, mndandanda uja wosanja masukulu kuti woyamba ndi uyu wachiwiri ndi uyu, ndi chinthu chomaliza kuyang'ana posankha sukulu, ndipo kwa mwana amene akukayamba digiri yoyamba nthawi zambiri ilibe ntchito n'komwe. Mwana sakakhala mu yunivesite yonse ayi, akakhala mu kosi imodzi, pa kampasi imodzi, ndi malekichala mwina asanu ndi atatu, ndipo rankingi za zimenezo sidziwa kanthu.

Ife a ku Chigwa izi tinayenera kuzimva msanga kuposa aliyense. Munthu akapita pa msika wa ng'ombe sagula chifukwa choti khola la aujeni ndi lotchuka Ngabu yonse, amaitsegula kukamwa kuona mano, amaiyendetsa aone ngati ikutsimphina, kenako amafuna makalata oti ng'ombeyo si yakuba, chifukwa olo inenepe bwanji ikakhala yopanda makalata ikathera pa lodibuloko ndipo ndalama zako zapita. Koma zikafika pa sukulu ya mwana, imene idye ng'ombe zisanu kapena zisanu ndi imodzi pa zaka zinayi, timangokhulupirira chithunzi.

Funso loyamba limene ndinafunsa ndi loti nambala 4 wa ndani? Pansi penipeni pa fulaya, tizilembo toti mpaka ukulitse ndi zala, panali dzina la webusaiti ina ya maranking'i. Apa ndi pamene anthu ambiri sadziwa. Mawebusaiti amene amasanja makoleji onse a m'Malawi, aang'ono ndi aakulu omwe, sabwera kuno kudzaona kalasi. Ina yotchuka, uniRank, imanena yokha poyera kuti imayeza kutchuka kwa webusaiti ya sukuluyo pa intaneti, osati maphunziro ake. Webometrics, ya gulu lofufuza la ku Spain imene inayamba mu 2004, m'zaka zapitazi theka lathunthu la mamalikisi ake limachokera pa kuchuluka kwa mawebusaiti ena amene akuloza ku webusaiti ya sukuluyo, theka linalo n'kukhala la kafukufuku amene malekichala asindikiza komanso m'mene anzawo akumutchulira. Tsono sukulu ikhoza kukwera pa mndandanda wotere chifukwa ili ndi mnyamata wochenjera pa za makompyuta, labu ilibe olo maikulosikopu imodzi yogwira ntchito.

Nanga zikuluzikulu zija timazimva pa wailesi? Nazonso zimayeza zina. Ya QS mamalikisi 30 pa 100 alionse amachokera pa kufunsa aphunzitsi a m'mayunivesite a dziko lonse lapansi kuti kodi inu mumaona kuti sukulu zabwino ndi ziti, ena 20 amachokera pa kutchulidwa kwa kafukufuku. Pulofesa wa ku Germany akudziwa chani za koleji ya ku Blantyre? Ya Times Higher Education kuti sukulu ingolowamo pa mndandanda wake waukulu uja imayenera kukhala itasindikiza mapepala a kafukufuku okwana 1,000 pa zaka zisanu. Koleji ya anamwino ya Trinity ku Muona, imene yakhala ikutulutsa anamwino kwathu konkuno zaka zambirimbiri, simudzaiona pamenepo mpaka kalekale, ndipo kusaoneka kwakeko sikukukuuzani kalikonse ngati imaphunzitsa bwino kapena ayi, chifukwa ntchito yake si kusindikiza mapepala. Ndipo olo kwa azungu komweko nambala zimaphikidwa. Mu 2022 pulofesa wa masamu wa pa Columbia ku America, Michael Thaddeus, anaonetsa kuti manambala amene yunivesite yake yomwe inkapereka ku rankingi ya U.S. News anali osalondola, sukuluyo inagwa kuchoka pa nambala 2 kufika pa 18 chaka chomwecho, makalasi ali omwewo, malekichala ali omwewo. Ngati Columbia inatero, kuli bwanji koleji imene ikusaka fizi.

Sindikuti rankingi ndi bodza lokhalokha ayi. Munthu amene ali kale ndi digiri akufuna kukachita masitazi kapena udokotala wa kafukufuku kunja, ameneyo ayang'ane ndithu, makamaka masanjidwe a phunziro lakelo osati a sukulu yonse, chifukwa iyeyo akukafunadi malo amene kafukufuku ali wamphamvu. Komanso sindikukana kuti dzina la sukulu limatsegula zitseko, wolemba ntchito akaona UNIMA kapena MUBAS kapena KUHeS pa pepala amayamba wakhulupirira. Koma taonani bwino, chikhulupiriro chimenecho sanachitenge pa webusaiti, anachitenga poti wagwirapo ntchito ndi anthu ochokera kumeneko. Ndi nkhani ya omaliza maphunziro imeneyo, ndibwererako.

Titasiya za nambala 4 tinapita kwa eni ake nkhani. Bungwe limene lamulo linapatsa mphamvu zoyang'anira mayunivesite ndi makoleji m'dziko muno ndi NCHE, linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, ndipo limatulutsa mndandanda wa masukulu ndi makosi amene lawavomereza. Mtsikanayu anautsitsa pa foni pomwepo, bandulo ya ndalama zochepa chabe. Pa mapepala a NCHE pali mawu awiri amene anthu timawasakaniza ndipo makoleji ena amasangalala tikamawasakaniza, "registered" ndi "accredited". Loyambalo ndi kulembetsa, kutanthauza kuti sukuluyo yaloledwa kutsegula zitseko ndi kuyamba kuphunzitsa. Lachiwirilo limabwera pambuyo, akatswiri akapita kukaona ngati zimene zikuchitikadi m'kalasi, m'labu ndi m'layibulale zikufika pa muyezo. Ndipo akirediteshoni imeneyi ili pawiri, pali ya sukulu, palinso ya kosi iliyonse payokha. Sukulu ikhoza kukhala yovomerezeka bwinobwino, makosi ake khumi ali pa mndandanda, koma kosi ya nambala 11 imene mwana wanu akukalowayo palibe. Fulaya ikalemba kuti ndife ovomerezeka ndi NCHE siname kwenikweni, yangosiya kukuuzani kuti chovomerezekacho ndi chiti.

Ndiye musafufuze dzina la sukulu lokha n'kutseka foni. Tsikani m'munsi mwake mupeze dzina la kosi monga momwe lalembedwera pa kalata yoitana mwana, liwu ndi liwu, dipuloma ndi digiri ya phunziro lomwelo ndi zinthu ziwiri zosiyana. Onaninso deti ya mndandandawo chifukwa chilolezochi si cha muyaya, chimatha ndipo amachiunikanso, pepala la zaka zitatu zapitazo limene likuzungulira m'magulupu lingakupwetekeni. Chinanso chimene chimatikhudza ife akutali ndi tauni ndi nkhani ya makampasi ang'onoang'ono. Sukulu likulu lake lili ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndi nyumba zake zabwino, kenako yabwereka makalasi awiri pa sukulu ina ya pulayimale kuti iziphunzitsa Loweruka ndi Lamulungu, nde anthu timakondwa kuti yunivesite yatipeza kwathu sitikweranso Thabwa. Funsani ngati malo amenewo NCHE ikuwadziwa. Mukakayika alembereni kapena imbani ku ofesi yawo ku Lilongwe, mutchule sukulu, kosi, malo ndi kaphunziridwe kake, kaya ndi ya masiku onse, ya kumapeto kwa sabata kapena ya pa intaneti. Chimodzimodzi amene mukuganiza zotumiza mwana kutsidya ku Mozambique kapena ku Zambia, pepala lakunja likabwera kuno ndi NCHE yomweyo imene imaliunika, ndi bwino kufunsa musanalipire kusiyana ndi kukafunsa gauni litavalidwa kale.

Koleji ya pa fulaya ija, kunena zoona, tinaipeza pa mndandanda. Alamu anaseka, ati mwaona alamu mumangochedwetsa zinthu. Makosi ake a bizinesi analipo, koma kosi imene anamuitanira mwanayu sitinaione. Ndinaimba ku koleji kuja ngati kholo, mayi amene anayankha anali aulemu kwambiri, ati bambo musadandaule zili m'kati, pofika nthawi imene mwana azimaliza zikhala zitatheka. Mwina amanena zoona, kosi yatsopano imayambadi isanalandire akirediteshoni ndipo zina zimadzalandira. Koma zikakanika woluza ndi ndani? Mayi aja malipiro awo alandira, koleji fizi yadya, wotsala ndi pepala losayenda ndi mwana wa ku Bangula. Tsegulani nyuzi muone mavakansi, ambiri makamaka a boma amalemba kuti pepala likhale lochokera ku sukulu yovomerezeka. Ngakhale loni ya bungwe la ngongole za ophunzira, HESLGB, imapita kwa ana a m'masukulu ovomerezeka. Munthu amene ali kale pa ntchito akungofuna kuwonjezera nzeru akhoza kuika moyo pa chiswe chotere ngati akufuna, ndalama ndi zake. Koma banja limene likugulitsa ziweto zimene zinapulumuka Freddy mu 2023, ayi, mawu oti zili m'kati si oti n'kugulitsira ng'ombe.

Koma chimene chinandiimitsa mutu kwambiri sichinali chimenecho. Nditawerenga kalata yoitanayo bwinobwino ndinapeza kuti kosiyo si ya unamwino n'komwe, ndi digiri ya zaumoyo wa anthu m'madera, imene pa kalatapo analemba Public Health. Ndinamufunsa mwanayu, iwe kodi waona kuti iyi si nesing'i? Ati eya ankolo ndinaona, koma anandiuza kuti ndi zofanana, ndikamaliza ndikhoza kukagwira kuchipatala, komanso iyi ndi digiri pomwe ya unamwino ku makoleji a mishoni ndi dipuloma chabe. Apa ndiye ndinakwiya zenizeni, chifukwa limeneli ndi bodza loti mwana wa zaka 18 sangalizindikire.

Unamwino uli ndi chipata chake chachiwiri chimene NCHE payokha sikutsegulira. Kuti munthu avale yunifomu ija n'kugwira wodwala ayenera kulembedwa m'kaundula wa bungwe la anamwino ndi azamba, Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo bungweli limavomereza lokha sukulu zophunzitsa unamwino, limalemba ophunzira m'mabuku ake akadali pa sukulu, ndipo akamaliza amalemba mayeso a bungwelo kuti apeze layisensi. Wopanda layisensi si namwino, olo akhale ndi digiri ya sukulu ya nambala 1 mu Afirika yonse. Ntchito zina zilinso ndi zipata zawo, madokotala ndi makiliniko ofesa ali ndi Medical Council of Malawi, a za mankhwala ali ndi PMRA, akauntanti ali ndi ICAM, ndipo mwana amene akufuna ntchito yamtundu umenewu ayambe wafunsa ku bungwe la ntchitoyo ngati omaliza kosi yakutiyakuti amawalandira.

Kuti alamu amvetse, poti iwo ankati zonse ndi zachipatala, ndinapempha koleji ija kuti itumize mndandanda wa maphunziro a chaka ndi chaka, semesita iliyonse. Ichi ndi chinthu choti kholo lililonse lizipempha, ndipo sukulu ikamazengereza kupereka ndiye kuti mwayankhidwa kale. Anatumiza patapita masiku atatu. Tinauika pambali pa wa unamwino umene anatipatsa namwino wina wa kumpingo kwathu. Wa unamwino uja muli kuphunzira thupi la munthu ndi m'mene ziwalo zimagwirira ntchito, mankhwala ndi milingo yake, kusamalira odwala akuluakulu, ana, amisala, uzamba, ndipo chaka chilichonse muli masabata ambirimbiri a ku wodi, wophunzira amayenda ndi buku limene omuyang'anira amasainira kuti wabaya jakisoni, watsuka bala, wachiritsa amayi angati. Wa pa fulaya uja munali kafalidwe ka matenda, masamu owerengera odwala, ukhondo wa madzi ndi zimbudzi, kuphunzitsa anthu m'midzi, kayendetsedwe ka mapulojekiti. Wodi munalibe olo sabata imodzi, munali atachimenti imodzi chaka chachitatu, nditafunsa kuti amakachitira kuti anati wophunzira amadzipezera yekha malo.

Musandimve molakwa, phunziro limenelo si lachabe. Ife amene tinaona kolera wa 2022 ndi 2023, ife amene chaka ndi chaka anthu amathawira m'makampu madzi akasefukira, tikudziwa kufunika kwa munthu wodziwa kulondola kumene matenda ayambira ndi kuteteza zitsime. Kungoti ndi ntchito ina, yolowera khomo lina, ndipo m'kuona kwanga amene amapindula nayo msanga ndi amene ali kale m'zaumoyo, alangizi a zaumoyo kapena anamwino amene akufuna kukwera, poti mabungwe akamalemba anthu a mapulojekiti amafunsa zaka zimene wagwirapo kale. Mwana wochokera ku Fomu 4 amene mtima wake uli pa wodi akakalowa kumeneko adzazindikira chaka chachitatu kuti wakwera basi ya ku Mwanza pomwe ulendo unali wa ku Nsanje.

Poona mndandanda wa maphunziro ine ndimayang'ana zinthu zochepa chabe. Chaka choyamba pafupifupi paliponse n'chofanana, Chingerezi, makompyuta, masamu pang'ono, ndiye pitani ku chaka chachitatu ndi chachinayi, ndi kumene kuli nyama. Werengani masabata a mapulakitiko ndipo funsani dzina la malo, chipatala chake chiti, esiteti yake iti, sukulu ili ndi mgwirizano nawo kapena mwana azikagogoda yekha m'maofesi. Kenako funsani kuti mwa malekichala a kosiyo ndi angati amene ali a pompo, chifukwa kuli makoleji amene pafupifupi onse ndi aganyu, amabwera akaweruka kwina, mwezi wina osaoneka, kenako n'kudzapanikiza semesita yonse m'masiku anayi. Ngati n'kotheka pitani mukaone ndi maso tsiku la pakati pa sabata osawauza. Thiransipoti ya ku Blantyre ndi yowawa masiku ano inde, koma sifika olo mwendo umodzi wa ng'ombe.

Tsopano za omaliza maphunziro, zimene ine ndimaziona kuti ndiye umboni weniweni. Fulaya ija inalinso ndi mzere woti omaliza athu 90 pa 100 alionse amapeza ntchito. Nambala ngati imeneyi isamakuopseni, iphwanyeni. Tingoyerekeza, kalasi inayamba ndi ana 60. Ena fizi inawakanika, ena analephera, amene anavala gauni ndi 40. Sukulu yatumiza mafunso pa foni, ayankha ndi 20, ndipo mukudziwa amene amayankha ndi amene zikuwayendera, amene ali pakhomo amachita manyazi. Mwa 20 amenewo 18 akuti tikugwira ntchito. Basi 90 pa 100 yapezeka, palibe wanama. Koma mwa ana 60 amene makolo awo anagulitsa ziweto, amene tikudziwa kuti ali pa ntchito ndi 18, ndiye kuti 30 pa 100. Ndipo simunafunsebe kuti ntchito yanji, chifukwa amene wakhala m'kabenchi ka Airtel Money pa Nchalo nayenso amawerengedwa kuti ali pa ntchito, si ntchito yonyozeka ayi koma sinafunike digiri ya zaka zinayi.

Ndiye mafunso ake ndi omwewo, analowa angati, anamaliza angati ndipo pa zaka zingati, munafunsa angati, akugwira chani. Ku makosi a layisensi kuli funso lina lokoma kwambiri loti sangalizembe, mwa ana anu amene analemba mayeso a bungwe chaka chatha anakhoza angati ulendo woyamba? Sukulu imene ana ake amakhoza imayankha monyadira musanamalize n'kufunsa komwe.

Koma njira imene ndimaikhulupirira kuposa zonse ndi yachimudzimudzi. Pezani anthu atatu amene anamaliza kosi yomweyo zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, mupeze nokha osati amene sukulu yakusankhirani, poti sukulu ikupatsani uja mmodzi ali ndi galimoto amene ali pa fulaya. Ku Chigwa kuno sitisowana, mukafunsa kumpingo, kwa aphunzitsi a ku sekondale kumene mwana anachokera, pa gulupu ya anthu akumudzi, pasanathe masiku awiri mwapeza nambala. Ndipo musamufunse kuti sukulu inali bwanji, aliyense amateteza pepala lake. Mufunseni za anzake, kuti m'kalasi mwanu munali angati ndipo pano ali kuti, mutchulireni mmodzimmodzi. Mufunsenso kuti satifiketi inatuluka patapita nthawi yaitali bwanji, komanso ngati analipitsidwapo ndalama zina zimene pa fulaya panalibe. Mtsikanayu anapeza awiri a koleji ija, a kosi ina yoyandikana nayo poti yakeyo inali isanatulutsepo anthu, chimenenso ndi yankho pachokha. Mmodzi akuphunzitsa pa sukulu ya pulayiveti, winayo anati anzake ambiri ali pakhomo, mawu ake omaliza anali oti mng'ono wanga ngati ukufuna unesi pita ku unesi. Mbali inayo nayo muione, amene amalemba ntchito. Amene muli ndi wachibale ku Illovo, ku chipatala cha boma, ku mabungwe amene adzaza pa Nsanje boma, kapena ku pulojekiti ya ngalande yaikulu yothirira ija yochokera ku Kapichira, afunseni kuti achinyamata amene alembedwa posachedwa anachokera sukulu ziti ndipo anaphunzira chani.

Alamu anali ndi mfundo imodzi yolimba imene sindingaibise. Anati alamu, inu mukuti tione kumene omaliza ali, nanga si anamwino omwewo a layisensi tikuwaona ali pakhomo kudikira boma liwalembe? Zoona zimenezo, ndipo aliyense amene angakuuzeni kuti akirediteshoni ndi ntchito akukunamizani. Kuvomerezeka kumangotanthauza kuti sukuluyo yafika pa muyezo wotsikitsitsa wololedwa, sikunena kuti ndi yabwino kuposa inzake, ndipo sikulenga mavakansi. Kusiyana kwake n'koti namwino wa layisensi amene ali pakhomo ali pa mzere, tsiku limene boma, chipatala cha mishoni, kiliniki ya pulayiveti kapena bungwe lidzaitane adzaponya kalata yake n'kuwerengedwa. Wa pepala losavomerezeka pa mzerepo palibe, kalata yake imachotsedwa ndi kalaliki intavyu isanayambe. Komanso dipuloma ya unamwino imene alamu ankaiderera ija ili ndi makwerero, munthu amagwira zaka zingapo n'kukawonjezera mpaka digiri akulandira kale malipiro.

Ena amati zonsezi ndi za anthu amene ali ndi mwayi wosankha, mwana wa mlimi wa thonje amangopita kumene kwamutenga. Ine ndimaona mosiyana, wolemera akalakwitsa amamusamutsa mwana n'kuyambiranso kwina, ife khola likatha latha. Ndipo malo a ku mayunivesite a boma asanu ndi limodzi aja ndi ochepa poyerekeza ndi ana amene amakhoza, nde makoleji a pulayiveti tiwafuna ndithu, ena mwa iwo akugwira ntchito yabwino kwambiri, ndi chifukwa chake kuli kofunika kuwasiyanitsa m'malo mowanyoza onse pamodzi kapena kuwakhulupirira onse pamodzi. Ngakhale amene watengedwa ku boma asagone, kumenekonso kosi ndi kosi, dzina la yunivesite silisintha zimene zili mu silabasi.

Sabata ziwiri zija zitatha tinakhala pansi pa mtengo kwa alamu, achemwali atatifululira thobwa la mapira. Mtsikanayu ndi amene analankhula, ati ababa ine kumene kuja sindipita. Pano watenga mafomu a makoleji awiri a unamwino a pansi pa CHAM, bungwe la zipatala ndi makoleji a zaumoyo a mipingo, onse awiri tinayamba tawafufuza ku NCHE ndi ku bungwe la anamwino, ndipo akufunanso kudzayesa kachiwiri ku boma akadzatsegula. Palibe chimene chatsimikizika, akhoza osatengedwa chaka chino, ndipo akatengedwa ng'ombe zija zipitabe, mwina zoposa ziwiri. Alamu sanandikhululukire kwenikweni, dzana pa maliro ena ku Sorgin anandikokera pambali, ati komabe alamu ija inali nambala 4.